Katope wa Kuseri kwa Phiri

Ndinakulira ku Chinamwali, m'nyumba imene ukatuluka pakhomo m'mawa, chinthu choyamba kuchiona ndi phiri la Zomba. Ababa anagwira ntchito ya zankhalango m'phirimo kuyambira ali mnyamata mpaka mawondo atayamba kuwakana. Sanali a muofesi ayi. Anali a khasu ndi chikwanje: kukumba mayenje, kudzala mbande, kulambula njira zotchinga moto. Ine nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito ku kabungwe kena kakang'ono m'tauni, koona zobwezeretsa mitengo m'phiri lomwelo. Anthu akawafunsa ababa kuti mwana wanu amagwira ntchito yanji, ankayankha kuti, "Ali ku zamitengo, koma za pakompyuta." Ankanena mwaulemu ndithu, koma ndinkamva kuti mumtima mwawo mitengo ndi kompyuta sizinkakumana.

Chaka chimene ndikukambachi, bungwe lathu linali ndi mbande zambiri za mitengo yachilengedwe ku nazale, makamaka katope, mtengo wokonda m'mbali mwa madzi. Mvula inali pafupi. Mayi amene ankatiyang'anira, amene tonse tinkangowaitana kuti Madamu, sankafuna kudzala mwachisawawa. Ankafuna kuti katopeyo abwerere m'mitsinje momwe anali kale moto ndi macheka zisanadutsemo. Vuto linali loti m'malo ambiri simunatsale choonetsa kuti munali chiyani. Udzu ndi zitsamba zinali zitakwirira zonse.

Thandizo linabwera pafoni. Mkulu wina wa zankhalango, amene anali atasamutsidwira kumpoto, anatitumizira zithunzi za tebulo lakale la mayina ndi manambala, lotayipidwa pa taipilaita, losonyeza mitengo imene inali m'phirimo chigawo ndi chigawo. Iye anajambula mapepalawo kalekale asanasamuke, ndipo sankadziwa kuti enieniwo ali kuti tsopano. Choncho zithunzizo ndi zokhazo zimene tinali nazo.

Mnzanga wa muofesi, bambo wophunzira za nkhalango amene tinkakhala moyang'anizana, anazilowetsa mu pulogalamu yowerenga malemba a pachithunzi. Posakhalitsa zonse zinatuluka pakompyuta, mawu ndi manambala, mizere yambirimbiri. Anasangalala. Kenako anaphatikiza kolamu ya mahekitala, ndiye kuti manambala onse otsika pansi osonyeza kukula kwa malo.

"Achemwali, tabwerani muone," anandiitana. "Malinga ndi ichi, nkhalango yathu ndi yaikulu kuposa phiri lenilenilo."

Tinaseka, koma Madamu atamva sanaseke. Anati sangatumize anthu ndi makasu kutsatira pepala lotero.

Mnzangayo anaganiza zoyamba ndi kuyeretsa. Anaona kuti mizere ina ilibe nambala iliyonse, ili ndi mawu okha, ndiye anati tiichotse, kenako tisanje yotsalayo motsatira alifabeti kuti katope yense akhale pamodzi. Dzanja lake linali kale pa mausi.

"Dikirani kaye, achimwene," ndinatero. "Musasanje. Mukangosanja, sitidzadziwanso kuti mzere uti unali pansi pa uti."

Ndinali nditayang'ana chithunzi chenichenicho pafoni, ndipo ndinaona chimene pulogalamuyo inataya. Inawerenga bwino mawu ndi manambala, koma inakankhira mzere uliwonse kumanzere, yonse n'kuyambira pamalo amodzi. Pomwe wotayipa wakaleyo sanachite choncho. Iye ankalemba dzina la dera m'zilembo zazikulu, n'kulidula mzere kunsi, popanda nambala. Umenewo unali mutu, ndipo ndiyo mizere yopanda kanthu imene mnzanga ankafuna kuchotsa. Pansi pa mutuwo pankabwera kompatimenti, ndiye kuti chigawo cha nkhalango chokhala ndi nambala yake, pamodzi ndi mahekitala ake onse. Pansi pa kompatimenti, molowa mkati pang'ono, pankabwera mitundu ya mitengo ya m'chigawocho: paini, bulugamu, mkungudza, katope, uliwonse ndi mahekitala ake. Ndipo pena, molowanso mkati kwambiri, pankakhala mzere wonena kuti mwa mitengo imeneyi, yakutiyakuti ili m'mbali mwa mtsinje.

Kulowa mkatiko ndiye kunali chilankhulo cha wotayipayo. Sankabwereza dzina la dera pa mzere uliwonse, chifukwa munthu wa maso amaona yekha kuti uyu ndi mwana wa uyu. Kompyuta itafafaniza mipatayo, kholo, mwana ndi mdzukulu anaima pamzere umodzi ngati anthu ofanana, ndipo pophatikiza tinawerenga malo amodzi kawiri, pena katatu. Komanso mzere wongoti "katope" unalibenso adiresi. Katope wa kuti? Panalibe wodziwa.

Ndinafotokozera Madamu zimenezi nditaimirira pakhomo la ofesi yawo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Ndiye mukhoza kubwezeretsa?"

"Ndikhoza, Madamu. Koma si ntchito ya lero."

"Mvula sidikira ife. Siyani zina zonse, chitani zimenezi."

Chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kupatsa mzere uliwonse nambala yake, motsatira mmene unabwerera, ndi kulemba chithunzi chimene unachokera. Ndinatero kuti ngakhale wina adzasokoneze, tidzathe kubwerera poyambira. Kenako ndinasindikiza zithunzizo pa mapepala aakulu, ndinatenga lula ndi pensulo, n'kukhala pafupi ndi windo.

Ndinkaganiza kuti ndingojambula mizere yowongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi, uliwonse pamene pakuyambira gulu lake. Pa tsamba loyamba zinatheka. Pa lachiwiri zinakanika. Wojambulayo anagwira foni mopendeketsa, ndipo pepalalo linali lopindika chakumsana kwa faelo, moti mzere wa kompatimenti wa kumunsi kwa tsamba unkayambira pamalo pomwe mzere wa mtengo unkayambira kumtunda. Ndikanadalira mphepete mwa chithunzi ndikanasandutsa makolo kukhala ana. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti tebulolo linali ndi mzere wa inki wotsika kumanzere kwake, umene unapendekeka limodzi ndi malembawo. Ndinayamba kuyeza kuchokera pa mzere umenewo kufika pa chilembo choyamba, mzere ndi mzere. Popeza pa taipilaita chilembo chilichonse chimatenga malo ofanana, ndinkatha kuwerenga kuti apa analumpha mipata ingati poyerekeza ndi zilembo za mzere wapamwamba pake. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kulidziwa dzanja la munthu amene sindinamuonepo. Anali wosamala. Sankasintha kalowedwe kake tsamba ndi tsamba.

Panali misampha ina. Dzina likatalika, iye ankalipitiriza pa mzere wotsatira, molowa mkati, ndipo linkaoneka ngati mwana pomwe ndi mchira chabe wa mzere wapamwamba. Ndinkauzindikira chifukwa unalibe nambala, ndipo ukauwerenga wokha sunkamveka. Yotere ndinailumikiza ndi eni ake. Penanso, m'malo mobwereza mawu, ankangoika timadontho tiwiri totanthauza kuti chimodzimodzi ndi pamwambapa, ndipo pulogalamu ija inatiwerenga ngati nambala leveni. Ndinabwezeretsa mawu ake enieni.

Pakompyuta ndinawonjezera makolamu atsopano. Ina inali ya msinkhu wa mzere: mutu, kompatimenti, mtengo, kapena gawo la mtengo. Ina inali ya nambala ya kholo lake. Ndipo ina, imene ndinkaikonda kwambiri, inali ya mzere wonse wa makolo, kuti munthu akawerenga mzere umodzi wokha adziwe kwawo: dera la kumtunda kwa damu la m'phirimo, kompatimenti yakuti, katope, m'mbali mwa mtsinje. Dzina la dera ndinalitsitsa kuchokera pa mutu kufika pa mzere uliwonse wa pansi pake, mpaka pamene mutu wina wayambira. Mizere ya m'mbali mwa mtsinje ndinaiika chizindikiro choti isaphatikizidwe, chifukwa mahekitala ake ali kale mkati mwa mtengo wa pamwamba pake.

Ndinali ndi njira yodziyesera ndekha. Mitengo ya pansi pa kompatimenti ukaiphatikiza, iyenera kufanana ndi nambala ya kompatimentiyo. Ndinauza kompyuta kuti iphatikize ana a kholo lililonse n'kuonetsa mofiira pamene sizikugwirizana. Pamene pafiira, ndinkabwerera ku chithunzi ndi lula wanga. Kawirikawiri ndinkapeza kuti ndi ine ndaika mzere pa msinkhu wolakwika, kapena pulogalamu inasokoneza nambala yofufutika. Kufiirako kunkachepa tsiku ndi tsiku. Mnzanga uja anayamba kumakoka mpando wake masana, iye kuwerenga pachithunzi mokweza, ine kuyang'ana pakompyuta. Mayina ena a mitengo anali achidule a anthu a zankhalango, ndipo iye ndiye ankandimasulira.

Pamapeto pake panatsala malo amodzi okha ovuta, ndipo mwatsoka ndi amene Madamu ankawafuna kwambiri.

Tsamba lina linkayamba ndi mizere yolowa mkati, popanda mutu, popanda kompatimenti pamwamba pake. Paini, mkungudza, katope, ndipo pansi pa katopeyo gawo lalikulu la m'mbali mwa mtsinje, lalikulu kuposa ena onse m'tebulomo. Anali ana amasiye. Kholo lawo linatsala kumunsi kwa tsamba lina. Koma liti? Wojambulayo anadula manambala a masamba, ndipo pafoni zithunzizo zinafika mosakanizika. M'mene zinafikira, tsamba limeneli linkatsatira dera la kumtunda kwa damu, ndipo aliyense muofesi anali atayamba kale kunena kuti katope akupita kudamu. Kunali kosavuta kufikako, msewu wake wabwino.

Ndinafufuza masamba onse amene ankathera pa kompatimenti yopanda ana. Analipo awiri. Lina linali la kudamu lija. Lina linali la dera la kuseri kwa phiri, koyang'ana ku chigwa cha Shire. Ndinaphatikiza ana amasiyewo. Sanafanane ndi kholo la kudamu, anapitirira kutali. Ndi la kuseri ankaoneka kuti akufanana, koma nambala yomaliza ya kholo limenelo inagwera popindika pepala, ndipo sinkawerengeka.

Ndinapita kwa Madamu ndi masamba atatuwo, n'kuwayala pa desiki.

"Si kudamu," ndinatero. "Zimenezo ndatsimikiza. Ndikukhulupirira kuti ndi kuseri, koma pakompyuta ndalemba kuti n'zokayikitsa, chifukwa nambala iyi sindikuiona yonse."

Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Kuseri kulibe msewu wabwino. Mbande tidzasenza pamutu. Sindingauze anthu zimenezo chifukwa cha nambala ya theka. Alipo amene angakumbuke?"

Loweruka ndinakwera njinga ya kabaza kupita ku Chinamwali. Ndinapeza ababa atakhala pakhonde akukonza mpini wa khasu la amayi. Nditawapatsa moni ndinatulutsa mapepala anga, ndipo ndinaona nkhope yawo ikukonzeka kupirira nkhani za kompyuta.

"Ababa, kuseri kwa phiri munadzalako mkungudza?"

Anasiya mpini uja.

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Pepala ili. Likunena kuti kunali paini, mkungudza, ndi katope wambiri mumtsinje."

"Katopeyo sitinadzale ife, tinam'peza. Anatiuza kuti tisam'khudze, tidzale paini motalikira madzi. Koma mkungudza, eya, tinadzala ndi manja athu. Kunkazizira kumeneko, mwanawe, zala zinkachita kuuma." Anatenga pepalalo, ngakhale Chingerezi chake sankachiwerenga bwino, n'kuliyang'ana cha patali. "Nambala ya kompatimenti usandifunse, ndinaiwala. Koma malowo ndikhoza kukafika."

Amayi anatulukira pakhomo n'kunena kuti munthu wa mawondo otere sakwera phiri. Ababa anayankha kuti galimoto ndi imene ikakwere, iwo akangotsika.

Tinapita Lachiwiri m'mawa pa galimoto ya bungwe: Madamu, mnzanga uja akuyendetsa, ababa kutsogolo atavala jekete lawo la kutchalitchi, ine kumbuyo ndi mapu ndi mapepala pamwendo. Tinakwera msewu wokhotakhota uja, kudutsa anyamata otsika ndi nkhuni pa njinga ndi amayi ogulitsa zipatso m'timbale. Pamwamba tinasiya msewu wa tala n'kulowa wa fumbi. Ababa sankayang'ana mapu. Ankangoti, "Apa khoterani kumanja," kenako, "Ayi, kale panali mlatho wa matabwa apa, pitirirani." Tikaima, mnzanga ankayang'ana malire a kompatimenti pa mapu a pafoni yake, ndipo nthawi ina ananditembenukira n'kugwedeza mutu. Kumene ababa ankatilondolera n'kumene kunali kompatimenti ya kholo la nambala ya theka lija.

Msewu utatha tinayenda pansi, pang'onopang'ono chifukwa cha ababa. Malowo anali oyera, udzu wokhawokha wopsa ndi dzuwa ndi zitsa zakuda za paini zofumbwa. Ndinaganiza kuti ngati sitipeza kanthu, ndavutitsa nkhalamba ndi mafuta a bungwe pachabe. Kumunsi kunkamveka madzi ochepa akuyenda pamiyala.

Ababa anaima pa chitsa china chotuwa, chosiyana ndi zinzake, chosafumbwa. Anapempha chikwanje kwa mnzanga, anasema pang'ono m'mbali mwake, n'kutola kachipandeko. Ananunkhiza, kenako anandipatsa. Fungo la mkungudza silisokonekera ndi la mtengo wina. Linali lakuthwa ngati mtengowo wadulidwa dzulo. Madamu nawo ananunkhiza, n'kuika kachipandeko m'thumba la malaya. Titayang'ana bwino tinaona zitsa zina zotero zitandandalika m'mizere kutsika chakumtsinje.

Kumtsinjeko ndi kumene mnzanga anakuwa. Pakati pa zitsamba, m'mphepete mwenimweni mwa madzi, panali zitsa zikuluzikulu zakale, ndipo zina zinali zitaphukira, masamba ake obulungira okumbatira kanthambi. Katope. Tinatsata mtsinjewo kamtunda ndithu, ndipo zitsazo sizinathe.

Madamu anabwerera pamene ababa anakhala pamwala akupumula.

"Bambo, mwatithandiza kwambiri."

"Ine ndangokuperekezani," anatero ababa. "Zaka zonsezi palibe anandifunsapo za kuno. Uyu ndi amene wakupeza, ali pampando m'tauni." Ananditembenukira. "Wati unadziwa bwanji?"

Ndinakhala pansi pambali pawo, ndinayala pa bondo tsamba la kuseri ndi la ana amasiye lija, lina kumunsi kwa linzake, kuti kholo likhale pamwamba pa ana ake. Ndinawaonetsa ndi chala mmene mizere ikulowera mkati, ndi mmene manambala a anawo akukwanira mwa kholo. Anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula.

"Ndiye kuti kompatimenti ndi bambo, mitengoyi ndi ana ake."

"Eya, ababa."

"Ndipo makinawo anawabalalitsa, iwe n'kuwabwezera kwawo."

"Ndi ntchito imene ndimagwira."

Anagwedeza mutu kangapo, akuyang'ana pepalalo. Ababa si munthu wa mawu ambiri. Koma pobwerera anakana kukhala kutsogolo. Anakhala kumbuyo ndi ine, atanyamula mapepala anga pamwendo pawo kuti asapindike.

Mawa lake muofesi ndinachotsa mawu oti n'zokayikitsa pa mizere ija, n'kulemba m'malo mwake kuti tinakaona ndi maso, ndi tsiku lake. Nambala yosawerengeka ija sindinaipeke. Ndinaisiya momwemo, n'kulemba pambali chimene anawo akupereka ukawaphatikiza. Titaphatikizanso mahekitala a makompatimenti okha, nkhalango inabwerera pa kukula kwake koyenera, yokwana m'phiri. Mnzanga anasanja tebulolo mmene ankafunira poyamba paja, katope yense pamodzi, ndipo tsopano mzere uliwonse unkanena wokha dera lake ndi kompatimenti yake. Anasindikiza tsamba limodzi loyera n'kukapereka kwa Madamu, ndipo ndondomeko yodzala inalembedwa kuchokera pa tsamba limenelo. Tebulo lonse tinalitumizanso kwa mkulu uja wa kumpoto ndi ku ofesi ya zankhalango, pamodzi ndi zithunzi zake zitaikidwa mu dongosolo la masamba.

Mvula itagwa yokwanira mu Disembala, tinadzala. Galimoto inkasiya mbande pothera msewu, ndipo anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phiri, amene amamwa madzi a mtsinje umenewo, ankazisenza m'mabeseni kutsika nazo. Kunali matope, kunali nkhungu yoti munthu wa patsogolo pako osamuona bwino. Ine ndinagwa kawiri, ndipo amayi ena anandiseka mpaka kutula beseni pansi. Ababa sanaloledwe kubwera, amayi anga anakanitsitsa. Koma madzulo ake anandiimbira foni kufunsa kuti mayenje tinakumba akuya bwanji, ndipo nditawauza anati tikanawonjezera pang'ono, koma si zoipa.

Si mbande zonse zinagwira. Chilimwe chotsatira moto unadutsa mbali ina n'kutentha za kumtunda, ndipo tinakabwezeramo zina. Za m'mphepete mwa madzi zinapulumuka. Pamene ndinapitako komaliza, zambiri zinali zitandipitirira msinkhu, ndipo ndinadya chakudya changa chamasana nditakhala pansi pa umodzi mwa mitengoyo, ngakhale mthunzi wake unali wongokwana mutu ndi mapewa.